Ndimasunga K100,000 mwezi ndi mwezi koma Januwale amandipezabe manja lende, ndikulakwitsa pati?

Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ya pamwezi kuno ku Lilongwe. Chaka chatha ndinatopa ndi ngongole, ndiye ndinakhala pansi n'kuwonkhetsa zinthu zikuluzikulu zomwe ndimalipira pachaka. Fizi ya ana onse awiri ndi K250,000 pa teremu, pachaka K750,000. Inshuwalansi ya galimoto ndi COF zimatha mu Malichi, zonse pamodzi K150,000. Khirisimasi, kuphatikizapo ulendo wa kumudzi ku Ntcheu, zovala za ana ndi kambuzi, imadya K300,000. Zonse zinakwana K1,200,000. Nditagawa ndi 12 zinabwera K100,000, ndipo ndinayamba kupatula ndalamayi pa malipiro a Okutobala.

Sindinadumphe mwezi ngakhale umodzi. Koma pobwera kumudzi pa 2 Januwale, thumba linali mbee. Mwana wamkulu atapakira kale chikwama, ine ndili pakhonde la munthu wa katapila. Mu Epulo zinabwerezanso. Pano Okutobala wafikanso. Kodi masamu anga ndi olakwika, kapena njirayi ndi ya anthu olandira zambiri?

Mayankho

Bambo wa ku Chilomoni: Amayi, masamu anu ndi olondola, cholakwika ndi mwezi womwe munayambira. Kugawa ndi 12 kumanena za chaka chonse, koma sikuona kuti mabilu anu aunjikana mbali imodzi. Tengani pepala tiyende limodzi. Malipiro a Okutobala, Novembala ndi Disembala akupatsani K300,000. Khirisimasi yokha yatenga zonsezo, ndipo patangotha masabata awiri sukulu ikufuna K250,000. Ndiko kukatapila kuja. Januwale ndi Febuluwale mwasonkhanitsa K200,000, inshuwalansi yachotsa K150,000. Malipiro a Malichi akalowa muli ndi K150,000, fizi ya Epulo ikufuna K250,000. Tsono onani: pa K1,200,000 ija, K950,000 imafunika pasanathe miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni, inu mutangoponyamo kasanu ndi kamodzi. Dzenje lanu ndi K350,000. Mukanayamba mu Meyi, miyezi yopanda mabilu ija ikanakudzazirani thumba nyengo yowawa isanafike.

Mwini funso: Iii achimwene, ndiye ndidikire mpaka Meyi?

Bambo wa ku Chilomoni: Ayi, mabiluwo sakudikirani. Pali njira ziwiri. Ngati muli ndi poipeza K350,000, kaya bonasi kaya kugulitsa kanthu, iponyeni m'thumbamo lero, kenako K100,000 yanu iziyenda bwinobwino. Ngati palibe, chaka chino chokha Khirisimasi itsike kufika pa K150,000, ndipo muziika K135,000 kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Pofika Januwale mudzakhala mutaika K405,000 pomwe zofunika ndi K400,000. Pofika Epulo mwaika K810,000, zotuluka K800,000. Mwadutsa mopanikizika, koma mwadutsa. Kuyambira malipiro a Epulo bwererani pa K100,000, ndipo fizi ya Sepitembala mukalipira mudzatsala ndi K260,000. Ndalama imeneyo idzaoneka ngati yotsala, si yotsala ayi, ndi ya Januwale. Ambiri amagwera pamenepo, amakagulira sofa mu Ogasiti.

Mayi wa ku Kawale: Zonsezi n'zovutikiranji? Lowani banki m'khonde basi. Ife timagawana pa 15 Disembala, chiwongoladzanja chili pomwepo. Ine fizi ya Januwale sindinaidandaulepo.

Bambo wa ku Chilomoni: Mayi, pa Disembala ndi Januwale mukunena zoona. Nanga Malichi ndi Epulo? Masheya satuluka pakati pa chaka. Akafuna ya inshuwalansi adzachita kubwereka ku gulu lomwelo, n'kumalipira chiwongoladzanja pa ndalama yawo yomwe.

Mayi wa ku Kawale: Chiwongoladzanjacho chimabwereranso kwa ife tomwe pogawana, achimwene. Si katapila.

Mtsikana wa ku Zomba: Chimabwerera akabweza onse. Gulu lathu chaka chatha anthu awiri anazimitsa mafoni mu Novembala, tinagawana zoperewera. Ine ndingaike kumeneko ya Khirisimasi yokha, fizi ayi.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Asisi, ndalama yongogona ndi yakufa. K100,000 imeneyo odani mabelo a kaunjika, pofika Disembala yabereka kawiri.

Mwini funso: Achimwene, sindikufuna mpamba wa geni. Ndalamayi ili ndi eni ake kale, ndikungoisunga tsiku lake lisanakwane. Belo ikatuluka zosagulika, ahedi ndikawapatse majuzi?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ine ndiwonjeze chimodzi. Mwawerengera mitengo ya chaka chatha. Sukulu zambiri zimakweza fizi chaka cha maphunziro chikamayamba mu Sepitembala, zina zimatumiza kalata pakati pa chaka penipeni. Kumbukani Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, amene anasunga ya Khirisimasi anakagula zochepa kuposa zomwe ankaganiza. Ndiye ine ndalama yomwe ingasanduke katundu sindiisunga ngati ndalama. Mpunga, mafuta ophikira, nsapato za ana ndimagula mu Okutobala, mbuzi ndimaigula msanga n'kuisiya kumudzi iziweteka. Fizinso ndikakhala nayo ndimakalipiriratu kwa abasala ngakhale teremu isanafike, bola risiti.

Mayi wa ku Area 25: Zolipiriratuzo samalani aphunzitsi. Ine ndinalipira teremu yachitatu mu Febuluwale, atakweza anandiuza kuti ndiwonjezere. Kenako mwana ndinamusamutsa, ndalama yanga ndinaiyendera miyezi inayi. Funsani kaye ngati mtengo wakale umagwira kwa wolipiriratu, ndipo akulembereni.

Bambo wa ku Mangochi: Inshuwalansi n'kuwononga ndalama, ine ya maliro ndinasiya kalekale.

Mtsikana wa ku Zomba: Bambo, akunena ya galimoto. Imeneyo ndi lamulo, popanda iyo pa rodibuloko simudutsa.

Mwini funso: Zikomo nonse. Funso lina: ndiziisunga kuti? Chaka chatha inali pa Airtel Money, ndipo kunena zoona ndinkaitapako kugula mayunitsi a magetsi n'kumabwezera malipiro akabwera.

Bambo wa ku Chilomoni: Pafoni ili pafupi kwambiri ndi chala. Tsegulani akaunti ina ku banki kapena ku SACCO, yopanda khadi ndiponso yosalumikizidwa ku foni, ndipo muuze banki yanu kuti izisamutsa yokha tsiku lotsatira malipiro akalowa. Funsani zomwe amadula pamwezi, akaunti zina zimadya ndalama mwakachetechete. Akaunti yotsekera ndalama miyezi itatu musaiyambe pano, chifukwa kuyambira lero mpaka Epulo mulibe ndalama yomwe ingagone nthawi yaitali choncho. Imeneyo muidzaganize mu Meyi.

Mayi wa ku Area 25: Koma nonse mukulankhula ngati chaka chimayenda mwa pepala. Nanga maliro akagwa mu Novembala, abale akudziwa kuti muli ndi kathumba, mukana bwanji?

Bambo wa ku Chilomoni: Zadzidzidzi zimafuna thumba lakelake. Mukasakaniza, fizi ndiyo imavulala.

Mwini funso: Thumba lachiwiri pa malipiro omwewa, achimwene? K135,000 yomweyi ndikuchita kuipanira mpweya. Khirisimasi ndivomera kuitsitsa, ngakhale sindikudziwa kuti amayi ku Ntcheu ndikawauza bwanji kuti chaka chino kulibe mbuzi.

Mayi wa ku Kawale: Auzeni pano, musadikire Disembala. Nkhuku ziwiri zimakwana.