Sitepingi sitoni ikundipatsa -3, MODI ikundipatsa +3 pa bokosi limodzimodzi. Ndalakwitsa pati?

Mphwake wa Phiri (Rosettenville):
Moni akuluakulu nonse muno. Amene munachita masamu a kasamutsidwe ka katundu, ndithandizeni. Madepoti a ufa ndi atatu, mashopu olandira atatu, mtengo ndi wa randi pa thumba limodzi:

```
             Soweto Tembisa Alex | alipo
City Deep      4      8      5   |  50
Kempton Park   9      3      6   |  40
Roodepoort     3     10      7   |  30
akufuna       45     35     40   | 120
```

Ndagawa kuyambira pa ngodya ya pamwamba kumanzere: City Deep-Soweto 45, City Deep-Tembisa 5, Kempton-Tembisa 30, Kempton-Alex 10, Roodepoort-Alex 30. Zonse pamodzi R580. Poyesa bokosi lopanda kanthu la Roodepoort-Soweto ndi sitepingi sitoni ndayenda chonchi: Roodepoort-Soweto +3, City Deep-Soweto -4, City Deep-Alex +5, Roodepoort-Alex -7, zikukwana -3. Koma MODI, njira ina yoyesera mabokosi opanda kanthu powerengera u ndi v, ikuti +3. Amati njira ziwirizi zimapereka yankho lofanana. Nanga ikundinamiza ndi iti?

Chikondi_JHB:
Achimwene musavutike, ndi nkhani ya chizindikiro chabe. Pa MODI, c ndi mtengo wa bokosi, u ndi nambala ya depoti, v ndi nambala ya shopu; mabuku ena amawerengera c - u - v, ena u + v - c, ndiye pamene wina wapeza mayinasi mnzake amapeza pulasi. Nambala ndi 3 yomweyo. Lowetsani katundu mu bokosilo, ndi lotchipa kuposa onse pa tebulo.

Mayi Nabanda:
A Chikondi, zoti mabuku amasiyana pa chizindikiro ndi zoona, koma pano si chimene chachitika. Zangochitika mwangozi kuti nambala ziwirizi zafanana kukula, ndipo ndiye msampha wake.

Achimwene ofunsa, yang'anani ngodya yachitatu ya ulendo wanu. Mwakhotera pa City Deep-Alex, pamene mulibe thumba ndi limodzi lomwe. Dzina la njirayi likunena miyala imene munthu amapondapo powoloka mtsinje: mabokosi okhala ndi katundu ndiwo miyala, opanda kanthu ndi madzi. Mumayambira pa bokosi lopanda kanthu limene mukuliyesalo, ndipo ngodya zina zonse ziyenera kukhala pa mwala. Kudumpha pamwamba pa bokosi lililonse ndi kololedwa, koma kukhotera m'madzi ayi.

Ulendo wolondola wa Roodepoort-Soweto uli ndi ngodya zisanu ndi imodzi, osati zinayi. Mukaika thumba limodzi pamenepo, Roodepoort ayenera kuchepetsa limodzi ku Alex. Alex waperewera, ndiye Kempton amuwonjezera. Kempton walitenga ku Tembisa, ndiye City Deep akwaniritsa Tembisa, nachotsa limodzi ku Soweto kumene tinayambira. Mitengo yake:

```
+3 -7 +6 -3 +8 -4 = +3
```

Ndi +3 wa MODI uja ndendende. Tanthauzo lake, malinga ndi mmene mwagawira panopa, thumba lililonse lodutsa njira imeneyo likuwonjezera R3. Likhoza kukhala bokosi lotchipa pa tebulo, koma kulitsegula kukukakamiza City Deep kutumiza ufa wina ku Tembisa pa R8, ndipo phindu lonse likuthera pamenepo.

Mphwake wa Phiri:
Zikomo mayi. Koma chikundizunguza mutu ndi ichi: ndayesa kusamutsadi matumba 30 pa ulendo wanga wolakwikawo, madepoti ndi mashopu onse akukwanira bwinobwino, ndipo mtengo watsika kufika R490. Ngati ulendowo ndi wabodza, ndalama zatsika bwanji?

Mayi Nabanda:
Zatsikadi, ndipo simunabe. Chimene mwachita ndi kutsegula mabokosi awiri nthawi imodzi. Tiyeni tione ndi MODI. Pa bokosi lililonse lokhala ndi katundu u + v = c, ndipo timayamba ndi u wa City Deep kukhala 0. Soweto atenga v = 4, Tembisa v = 8. Kempton-Tembisa ndi 3, ndiye u wa Kempton ndi -5. Kempton-Alex ndi 6, ndiye v wa Alex ndi 11. Roodepoort-Alex ndi 7, ndiye u wa Roodepoort ndi -4. Mabokosi anayi opanda kanthu atuluka chonchi pa c - u - v:

```
City Deep-Alex      5 - 0 - 11    = -6
Kempton-Soweto      9 - (-5) - 4  = +10
Roodepoort-Soweto   3 - (-4) - 4  = +3
Roodepoort-Tembisa  10 - (-4) - 8 = +6
```

Onkhetsani +3 ndi -6, mupeza -3 wanu uja. Phindu lonse likuchokera ku City Deep-Alex, Roodepoort-Soweto wangokwera nawo.

Vuto mudzalipeza pa sitepe yotsatira. Mwalowetsa mabokosi awiri, mwatulutsa limodzi, tsopano muli ndi asanu ndi limodzi pamene lamulo la m + n - 1, kutanthauza madepoti kuphatikiza mashopu kuchotsa 1, likufuna asanu. Yesani kupeza u wa Kempton pa tebulo latsopanolo. Kudzera ku Tembisa mupeza -5, kudzera ku Alex mupeza 1. Mzere umodzi sungakhale ndi u awiri. Mukaona zimenezi dziwani kuti pakati pa mabokosi okhala ndi katundu pabisala ulendo wotsekeka, pano ndi City Deep-Tembisa, City Deep-Alex, Kempton-Alex ndi Kempton-Tembisa.

Dalaivala Gift:
Kuchoka Roodepoort kupita Alex musamadalire makilomita okha abale. Mukalowa N1 nthawi ya m'mawa mumangoima, dizilo akupsa. Ndi bwino kunyamuka isanakwane 5 koloko.

Chikondi_JHB:
A Gift funso si la msewu wodutsa, kkkk. Koma 7 wa Roodepoort-Alex uja angakwere ndi zimene mukunenazo. A mayi ndavomera, ndinathamanga.

Bambo a Tadala:
Nditsirize pamene asiyira mayiwa, chifukwa ambiri amagweranso pa kuchuluka kwa zosamutsa. Mayinasi alipo mmodzi yekha, City Deep-Alex, ndiye ndi amene akulowa. Ulendo wake ndi waufupi: City Deep-Alex pulasi, Kempton-Alex mayinasi, Kempton-Tembisa pulasi, City Deep-Tembisa mayinasi. Mumayang'ana ngodya za mayinasi zokha, ndipo mumatenga yochepa. Kempton-Alex ali ndi 10, City Deep-Tembisa ali ndi 5, ndiye musamutsa 5. Mukatenga 10, City Deep-Tembisa atsala ndi matumba -5, omwe palibe lole inganyamule. Matumba 5 pa R6 lililonse ndi R30, mtengo watsika kuchoka pa 580 kufika 550. Ndikulangizani kuchulukitsanso tebulo lonse nthawi iliyonse, 180 + 25 + 105 + 30 + 210, muone ngati ikukwanadi 550. Zikasiyana, mwasokoneza pulasi ndi mayinasi penapake.

Tsopano fufutani u ndi v onse akale. Musawasunge, chifukwa miyala yasintha malo. Atsopano ndi u = 0, 1, 2 ndi v = 4, 2, 5. Roodepoort-Soweto akhala 3 - 2 - 4, yomwe ndi -3. Ndipo ulendo wake ndi uja munayenda poyamba achimwene, koma pano City Deep-Alex ali ndi matumba 5, ndi mwala weniweni. Munangofulumira ndi sitepe imodzi basi. Ngodya za mayinasi zili ndi 45 ndi 30, musamutsa 30, mupulumutsa R90.

Zotsatira: City Deep-Soweto 15, City Deep-Alex 35, Kempton-Tembisa 35, Kempton-Alex 5, Roodepoort-Soweto 30. Mtengo R460. Mukayesanso, u wa Roodepoort yekha ndi amene asintha kukhala -1, ndipo mabokosi opanda kanthu apereka 6, 4, 9 ndi 3. Palibe mayinasi, mwafika. Pakanapezeka ziro, kukanakhala kagawidwe kena kosiyana koma ka mtengo womwewo wa R460.

Esnart wa ku Yeoville:
Ine langa ndi lofananako. Tebulo lomweli, koma Soweto akufuna 50, Tembisa 30. Ndikagawa ndikupeza mabokosi anayi okha, ndipo MODI ikuima pa v wa Soweto, sindikutha kupitirira.

Bambo a Tadala:
Achemwali, City Deep ali ndi 50 ndipo Soweto akufuna 50, ndiye bokosi limodzi latseka mzere wopingasa ndi wotsika nthawi imodzi. N'chifukwa chake mwaperewera mwala umodzi, ndipo City Deep ndi Soweto atsala pa chilumba chawo. Ikani ziro mu bokosi limodzi lopanda kanthu, muziliwerenga ngati lili ndi katundu. Ena amalemba ε, ndi chimodzimodzi. Koma si bokosi lililonse. Mukaika pa Roodepoort-Tembisa mwatseka ulendo ndi Kempton-Tembisa, Kempton-Alex ndi Roodepoort-Alex, chilumba chija chikadali chokha. Lifunika likhale mu mzere wa City Deep kapena wa Soweto. Ine ndingaike pa Roodepoort-Soweto poti ndi lotchipa.

Musadabwe ziroyo ikadzagwera pa ngodya ya mayinasi. Mudzasamutsa matumba 0, mtengo sudzasintha, ziro idzangosamukira bokosi lina. Si kulakwitsa, pitirizani.

Mayi Nabanda:
Ndikuvomereza za malo ololedwa, koma zoti lotchipa ndiye labwino ndi chizolowezi chabe bambo. Tangoona pamwambapa bokosi lotchipa likupereka +3. Kulikonse kololedwa mudzafika pa mtengo womaliza womwewo, kusiyana ndi masitepe angati basi.

Mukamadzifunsa kuti mugwiritse njira iti pa ziwirizi: pa tebulo la 3 kwa 3 mabokosi opanda kanthu ndi anayi, sitepingi sitoni ikutheka. Pa madepoti 5 ndi mashopu 6 mabokosi ndi 30, okhala ndi katundu 10, ndiye maulendo 20 oti mujambule pa sitepe iliyonse. MODI imakupatsani nambala zonse 20 popanda kujambula, kenako mujambula ulendo umodzi wa bokosi lolowa. Koma kujambula ulendo simungakuthawe.

Dalaivala Gift:
Chabwino masamu ndawamva. Koma yankho lanu likuti Kempton atumize matumba 5 ku Alex pa R30. Ndani angadzutse pikapu kuchoka Kempton Park ndi matumba asanu pa R30? Galimoto imalipiritsa ulendo, osati thumba.

Bambo a Tadala:
Apa a Gift mwalasa. Tebuloli limaganiza kuti thumba loyamba ndi la makumi atatu amadya ndalama zofanana. Ngati galimoto ili ndi mtengo wongoidzutsira, u ndi v saziona zimenezo, ndipo R460 ndi yotsikitsitsa pa pepala pokha. Komanso matumba 5 a Kempton sangangosowa: ali ndi 40, Tembisa akufuna 35, otsalawo ayenera kupita kwina. Kuwatumiza ku Soweto m'malo mwa Alex kuwonjezera R4 pa thumba, R20 yonse, ndipo galimoto idzukabe.

Mphwake wa Phiri:
Ndabwereza zonse ndapeza R460, zikomo akuluakulu. A Esnart, mwaika kuti ziro yanu? Ine ndayesa pa City Deep-Alex ndipo Roodepoort-Soweto watuluka -3 pompo, ndikufuna tifananitse.