Kalata ya thandizo la maphunziro yomwe ikufuna K1,500 kaye

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mudziwa za thandizo la maphunziro a kunja. Mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye ku Matero kuno ku Lusaka, walandira uthenga pa WhatsApp wonena kuti wasankhidwa kukaphunzira ku Britain kwaulere, ngakhale kuti sanalembepo kalata yopempha thandizo limeneli.

Kalata imene yabwera ndi uthengawo ili ndi chidindo ndi dzina la Chevening, thandizo la maphunziro la boma la Britain, koma ikufuna kuti atumize K1,500 ya kalembera pa nambala ya foni ya munthu wamba lisanafike Lachisanu, pamodzi ndi chithunzi cha NRC ndi nambala ya akaunti ya kubanki. Chimene chandikayikitsa kwambiri nchakuti Chevening imathandiza okhawo amene ali kale ndi digiri yoyamba, ndipo munthu amapempha yekha pa chevening.org popanda kulipira kanthu, pamene mwanayu wangomaliza kumene Giredi 12. Adiresi imene akuti tiyankhireko nayonso ndi ya Gmail.

Ine ndamuletsa kutumiza ndalamazo, koma iye watumiza kale chithunzi cha NRC, ndipo apa ndi pamene mtima wanga suli m'malo. Kodi munthu wachinyengo angathe kutenga ngongole kapena kulembetsa nambala ya foni ndi chithunzi chimenechi? Nanga tiyambire kuti kukanena, kupolisi kapena ku ZICTA? Ndipemphanso amene munalandirapo thandizo lenileni mundiuze nthawi imene anakufunsani za akaunti ya kubanki, ndiponso njira imene anakufunsirani.