Ma #REF! adzadza pa shiti ya kachewere, ndithandizeni

Nangozo wa ku Bembeke: Abale amene mumadziwa Excel taonani sikirinishoti ndaikayi. Ndine mlembi wa kalabu yathu ya kachewere, ndimalemba dzina la mlimi pa A, matumba pa B, mtengo wa thumba pa C, thiransipoti inali pa D ndiye pa E pamatuluka ndalama yoti munthu alandire. Ulendo uno wogula wabwera ndi lole yake kudzatengera kumunda konkuno, ndiye kolamu ya thiransipoti ija ndangoichotsa poti ilibe ntchito, basi paliponse pangoti #REF! #REF! mpaka thotolo ya pansi yomwe. Mawa anthu akufuna ndalama zawo, ena ayamba kale kunena kuti kompyuta yadya ndalama.

Chisale Jr: Kulitsani kolamuyo mayi, manambala sakukwana mmenemo. Kokani kamzere ka pamwamba pakati pa zilembo zija zitheka pompo.

Aphunzitsi Mbewe, Ntcheu: Ayi achimwene, zokulitsa kolamu ndi pamene patuluka #### zokhazokha, apa nkhani ndi ina. Mayi Nangozo sikirinishotiyo ikungoonetsa zotsatira, tadinani pa selo imodzi yolakwikayo muwerenge zalembedwa mu kabokosi kataliko pamwamba, pafupi ndi fx, mutilembere momwe zilili.

Nangozo wa ku Bembeke: Zalembedwa chonchi aphunzitsi

```
=B2*C2-#REF!
```

Aphunzitsi Mbewe, Ntcheu: Eya, ndi momwemo. Poyamba fomulayo inali `=B2*C2-D2`, kutanthauza matumba kuchulukitsa ndi mtengo kenako kuchotsera thiransipoti. Inu mutachotsa kolamu yonse ya D, ya E inasendera nkukhala D yatsopano, koma fomula ikufunabe selo yakale ija yomwe kulibenso, ndiye Excel pamalo pake yaikapo #REF! kusonyeza kuti komwe imakatenga nambala kwafafanizika. Thotolo ya pansiyo ilibe vuto, SUM ikangopeza selo imodzi yokha ya #REF! nayonso imatulutsa zomwezo, musaigwire.

Ngati fayiloyo simunaitseke dinani Ctrl+Z kolamu ibwerere. Ngati munatseka, pitani pa D2 mulembe `=B2*C2` mudine Enter, kenako gwirani kakona kakang'ono kumunsi kumanja kwa seloyo mukokere pansi mpaka pa mlimi womaliza, osafika pa thotolo. Yesani ndi munthu mmodzi pa kakyuleta ya pafoni, mwachitsanzo matumba 12 pa K45,000 payenera kutuluka 540,000, osati 504,000 yomwe ikanatuluka atachotsera thiransipoti ya K36,000 ya matumba onsewo.

Nangozo wa ku Bembeke: Ndinatseka dzulo lomwe magetsi atazima, Ctrl+Z sikuchita kanthu. Ndikuyesa njira yachiwiriyo.

Dalitso wa pa Lizulu: Bwanji osangoika IFERROR, ine ndimapanga `=IFERROR(B2*C2-#REF!,0)` ma era onse amasowa shiti nkumaoneka bwinobwino.

Aphunzitsi Mbewe, Ntcheu: Adzasowadi a Dalitso koma aliyense azioneka kuti alandira 0, nanga mayiwa akakawerenge zimenezo pamaso pa alimi a kachewere atulukamo bwanji mu msonkhanomo? IFERROR imangophimba, sikonza kanthu, ndipo pa shiti ya ndalama za anthu bola era yooneka kusiyana ndi nambala yabodza.

Make Tadala: Inenso zanga zimandichita choncho pa buku la banki mkhonde, chiwongola dzanja ndinachilemba pa selo imodzi pamwamba, H1, ndikakokera fomula pansi mzere woyamba wokha umakhoza enawo 0 yekhayekha. Kodi ndi vairasi?

Aphunzitsi Mbewe, Ntcheu: Si vairasi make Tadala komanso si vuto la a Nangozo lija. Mukamakokera pansi H1 imasanduka H2, H3, momwe mulibe kanthu. Lembani `$H$1` kuti isamasunthe.

Nangozo wa ku Bembeke: Zatheka aphunzitsi, Mulungu akudalitseni! Koma mzere 17 wokha ukuti #VALUE! ndipo thotolo nayo yatengera zomwezo tsopano.

Chisale Jr: Apo nde ndikudziwa kkkk, onani pa B17 ngati simunalembe mawu, monga "8 ndi theka", Excel siwerengera zimenezo, lembani 8.5 basi.

Nangozo wa ku Bembeke: Ndi momwemodi, panali "8 + theka". Nanga mwezi wamawa tikadzabwereranso kolipira tokha thiransipoti ndidzayambirenso pachiyambi?

Aphunzitsi Mbewe, Ntcheu: Ine ndikanakhala inu ndikanaibwezeretsa kolamuyo lero lomwe pamodzi ndi fomula yakale ija. Ulendo womwe kulibe thiransipoti mungosankha manambalawo nkudina batani la Delete pa kiyibodi, limafufuta zamkati zokha selo nkutsala, ndipo selo yopanda kanthu Excel imaiwerenga ngati 0. Choopsa ndi Delete ya pa kolamu yonse ija. Ngati ikukusokonezani m'maso pali Hide.

Dalitso wa pa Lizulu: Hide imeneyo ine sindigwirizana nayo, mlembi wina akadzalowa sadzadziwa kuti muli kolamu yobisika yomwe ikudula ndalama za anthu, ingoisiyani poyera.

Make Tadala: Nanga pafoni Hide yo imakhala pati, ine laputopu ndilibe ndimagwiritsa WPS