Chiyambi cha kalata yofunsira ntchito: ndilembe bwanji osamveka wamatama?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito yowerenga sitoko pa weyahausi ina ku City Deep, chaka chachitatu tsopano, ndipo ndaona malo a supavaiza wa sitoko ku Midrand. Chiyambi cha kalata yanga, ndikachimasulira, chikuti: “Ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizire. Ndine munthu wolimbikira, wokhulupirika ndi wodziwa kukhala ndi anthu.” Mnzanga wati zimenezi n'zozizira, wandilembera kuti ndine katswiri amene anasintha weyahausi yonse. Ine zikundichititsa manyazi. Ndilowere pati?

Bambo wa ku Randburg: Chemwali, ine ndimasankha nawo makalata kuntchito kwathu. Ziganizo zonse ziwirizo zikudwala matenda amodzi: zikunena kuti ndinu munthu wotani, osanena chimene munachita. “Wolimbikira” amalemba aliyense, ndi mlesi yemwe. Tandiuzeni kaye, n'chiyani chinkavuta pamalopo mutangofika, chomwe pano sichivutanso?

Wofunsa: Powerenga sitoko kumapeto kwa mwezi, mitundu ya katundu ngati 40 inkasiyana ndi za mu kompyuta. Ndinapempha kuti katundu wotuluka msanga tizimuwerenga Lachisanu lililonse, osadikira mwezi kutha. Patatha miyezi 6, yosiyana siinkafikanso 10. Koma sindinachite ndekha, tilipo anayi.

Bambo wa ku Randburg: Ndiye chiyambi chanu n'chimenecho, munangochikhalira. Chiganizo choyamba chitchule ntchito imene mukufunsira, monga ailembera pa chilengezo, ndi nambala yake ngati aika. Kenaka: “Kwa zaka pafupifupi zitatu ndakhala ndikuwerenga sitoko pa weyahausi ku City Deep. Ndinayambitsa zowerenga katundu wotuluka msanga sabata iliyonse, ndipo ine ndi anzanga atatu tinatsitsa mitundu yosagwirizana ndi kompyuta kuchoka pa 40 kufika pochepera 10 m'miyezi 6.” Basi, ndime ithere pomwepo.

Onani pamene pali “ndina-” ndi pamene pali “tina-”. Ganizo linali lanu, ndiye nenani kuti ndinayambitsa, osabisala kuseri kwa gulu. Kuwerengako munali anayi, ndiye tinatsitsa. Kwa wofuna supavaiza, anzanu atatuwo sakuchepetsani, akuonetsa kuti anthu anakutsatirani musanapatsidwe n'komwe udindo. Muyeso wanga ndi uwu: titaimbira manijala wanu n'kumuwerengera chiganizocho, angavomere? Za 40 ndi 10 avomera. Zoti munasintha weyahausi yonse aseka, ndipo pamenepo ndi pomwe matama amayambira.

Jahman wa ku Tembisa: Manambala ndiye dhilu! Koma lembani 75%, kapena 80% kuti zimveke bho. Mabwana akuno amakonda mapesenti.

Bambo wa ku Randburg: Achimwene, kuchoka pa 40 kufika pa 10 ndi 75% ndithu, koma 80 yo mwaitenga kuti? Pa intaviyu akafunsa kuti 80% ya chiyani, achemwaliwa adzachita chibwibwi. Ine ndimakonda manambala enieniwo chifukwa akuonetsa kukula kwa vuto. Kuchoka pa 4 kufika pa 1 ndi 75% yomweyonso. Chenjezo lina: mtengo wa katundu wosowa m'marandi kapena maina a makasitomala musalembe, ndi zinsinsi za kampani.

Mayi wa ku Rosettenville: Ine ndikugwirako mawu akuti modzichepetsa. Tinaleredwa choncho, ndipo ine ntchito ya m'nyumba ku Fourways ndinaipeza ndi kalata yaulemu yomweyo. Muwachotse onse ngati?

Mphunzitsi wa ku Yeoville: Mayi, ulemu usachoke, ungosamukira kumapeto, pothokoza kuti awerenga. Ukakhala pa mzere woyamba umamveka ngati ukupempha chithandizo, pamene iwo ndi amene akusowa munthu. Komanso wolemba wantchito wa m'nyumba amayang'ana khalidwe, wa weyahausi akuyang'ana sitoko.

Mnyamata wa ku Germiston: Amene akufuna CV yooneka bwino andipeze ku inibokisi, ndimapanga motchipa.

Wofunsa: Si CV achimwene, ndi kalata. Funso lina: za pemiti yanga ndizitchule koyambirira komweko?

Mphunzitsi wa ku Yeoville: Ine ndingatero. Akaona dzina lachilendo, funso loyamba m'mutu mwawo ndi la mapepala. Ayankheni msanga.

Bambo wa ku Randburg: Apo ndiye tisiyana aphunzitsi. Ikhalemo, inde, koma ndime yomaliza, mzere umodzi. Ikatsogola, owerenga ayamba kuganiza za mapepala asanaone 40 ndi 10 uja. Pokhapokha chilengezo chitafunsa za pemiti mwachindunji.

Wofunsa: Chilengezo sichinafunse. Koma ndikayang'ane kaye mapepala a sitoko mawa, sindikukumbuka bwino ngati inali 40 kapena 38.