Tinagwirizana pakamwa madola 900, lero akuti 600. Ndingapite kukhoti popanda pepala?

Mmisiri wa ku Glen View: Moni nonse pagulu pano. Ndine kalipentala. Mu Febuluwale bambo ena a ku Waterfalls kuno ku Harare anandiitana kuti ndiwapangire makabati a m'khitchini. Tinagwirizana madola 900 a ku America, matabwa ndi zonse zanga. Anatumiza 300 pa EcoCash kuti ndiyambe, ntchito ili pakati anandipatsa 200 pamanja, 400 yotsala anati ndikamaliza. Ndinamaliza mu Malichi, makabati akugwiritsa ntchito. Tsopano akuti mtengo unali 600, ndikatenge 100 yanga basi. Sitinalembe chilichonse. Analipo ndi mnyamata amene ndimagwira naye ntchito. Kodi ndalamayi yapita?

Amalume a ku Mufakose: Pepani achimwene, popanda siginecha khoti silikumverani. Tengani 100 yo isanathawenso.

Mayi a Tadala: Ayi amalume, musamugwetse mphwayi. Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya maloya m'tauni muno, ndipo milandu yotere timaiona kawirikawiri. Lamulo la Zimbabwe silinena kuti pangano lililonse lilembedwe. Chomwe chimamanga anthu ndi kugwirizana kwawo: uyu apanga chakuti, uyo alipira zakuti, onse akudziwa kuti si nthabwala. Mukakwera kombi kapena kusiya nsapato kwa wosoka pa Mbare simusaina kanthu, koma ngongole ilipo. Pepala ntchito yake ndi kuchitira umboni.

Ndiye achimwene, taonani pomwe pali mkangano wanu. Bambowo sakukana kuti anakupatsani ntchito, sakukana kuti munamaliza. Akukana mtengo wokha. Ndipo poti wodandaula ndinu, udindo wosonyeza kuti unali 900 uli pa inu. Koma si mlandu wa upandu, pomwe pamafunika umboni wosasiya chikayiko. Apa woweruza amaika nkhani ziwirizo pa sikelo n'kuona yomwe ikuoneka yoona kuposa inzake. Tandiuzani, malisiti a matabwa muli nawo? Nanga pa WhatsApp munalemberana chiyani?

Mmisiri wa ku Glen View: Malisiti alipo mayi, matabwa, mahinji, zogwirira ndi guluu zonse 480. Pa WhatsApp ndinalemba mu Epulo kuti "bwana, yotsala ija", anayankha ndi uthenga wa mawu kuti "mwezi ukatha ndikonza". Mu Meyi ndinalemba kuti "ndikudikirabe 400 ija". Anawerenga koma sanayankhe. Za 600 anayamba kunena mu Julayi, pafoni.

Mayi a Tadala: Muli ndi zambiri kuposa mmene mukuganizira. Yambani ndi malisitiwo. Mtengo ukanakhala 600, ndiye kuti inu munavomera kugwira ntchito ya khitchini yonse, kulipira mnyamata ndi mayendedwe, pa madola 120. Mmisiri wake uti? Woweruza naye ali ndi khitchini kwawo. Pezani akalipentala awiri akulembereni mtengo womwe angatchule pa ntchito yomweyo, miyeso yomweyo. Sizitsimikiza zomwe munanena tsikulo, koma zikusonyeza nambala yomwe ili pafupi ndi nzeru.

Uthenga wa mu Epulo ukuvomereza kuti ngongole ilipo, koma sukutchula ndalama zingati. Iwo adzati ankanena za 100. Wa mu Meyi ndi umene uli ndi mphamvu, chifukwa munatchula 400 ndipo anakhala chete miyezi iwiri. Munthu amene akudziwa kuti watsala ndi 100 yokha, akauzidwa 400 amalumpha tsiku lomwelo. Kukhala chete pakokha si kuvomera, koma khoti limatha kukuwerengera pamodzi ndi zinazo, ndipo adzafunsidwa chifukwa chomwe sanatsutsire.

Achemwali a ku Epworth: Bwanji osangopita kupolisi? Kumeneko ndi kuba. Ine mlamu wanga anabwereka 150 chaka cha 2020, mpaka lero akuti inali mphatso.

Mayi a Tadala: Apolisi adzamuuza kuti ndi nkhani ya ngongole, apite kukhoti. Ndipo yanuyo achemwali yandidetsa nkhawa. Pa lamulo la Prescription Act, ngongole wamba imafa pakatha zaka 3 kuchokera tsiku lomwe inayenera kulipidwa. Nthawiyo imayambanso kuwerengedwa ngati wangongole wavomera kuti ali nayo, kaya ndi mawu kaya polipirako pang'ono, ndipo imadukanso akalandira samani ya kukhoti. Kumukumbutsa chabe, ngakhale tsiku ndi tsiku, sikuimitsa kanthu. Ngati alamu anu akhala akunena kuti mphatso kuyambira pachiyambi, nkhani yanu yavuta.

Achemwali a ku Epworth: Ndiye basi, adya. Tionana pa maliro.

Jimu wa Kombi: Inetu ndikanapita kukazula makabatiwo. Ndiponso 200 ya pamanja ija palibe umboni, mungonena kuti munalandira 300 yokha, alipire 600.

Agogo a ku Highfield: Iwe Jimu, ukufuna mwana wa eni akagone m'chitokosi? Kulowa m'nyumba ya munthu n'kuyamba kuzula zinthu, wamlandu asanduka iyeyo. Za kunamazo ndiye usayerekeze. Ine ndakhala pa milandu ya mpingo ndi ya sosaite ya maliro nthawi yaitali: pomwe palibe pepala, chuma chako ndi kukhulupirika kwa pakamwa pako. Akakugwira bodza limodzi, zoona zako zonse zimapita nalo. Kuvomera 200 yomwe mnzakoyo sangathe kuitsimikiza n'kumene kumasonyeza kuti sukuwonjezera.

Amalume a ku Mufakose: Chabwino ndamva, koma mboni yakeyo ndi wantchito wake. Angaikhulupirire ndani? Ndipo ine ndimadziwa kuti za malo ndi nyumba zimafuna pepala.

Mayi a Tadala: Pa malo mwayandikira amalume: kugulitsa malo kolipira pang'onopang'ono lamulo limati kulembedwe, ndipo umwini susintha popanda mapepala a ku ofesi yolembetsa malo. Koma makabati si malo. Za mboni, wantchito kapena wachibale amaloledwa kuchitira umboni, kungoti woweruza amamumvetsera mosamala. Achimwene, musamuphunzitse zonena. Mufunseni zomwe anamva ndi makutu ake. Ngati anali panja akutsitsa zida pomwe mtengo unkatchulidwa, anene zomwezo, achitire umboni za ntchito ndi 200 ija basi.

Chochita sabata ino: musafufute kanthu, ndipo foniyo muisamale, chifukwa angafune kuona mauthengawo mmene alili. Zithunzi za mauthenga zionetse nambala yawo ndi tsiku, osati dzina lomwe munawasungira lokha. Pa WhatsApp pali `Export chat`, tumizani makambirano onse ku imelo yanu pamodzi ndi mawu aja. Tengani sitetimenti ya EcoCash yosonyeza 300. Lembani lero papepala zonse motsatana, masiku ndi malo, mutu usanayambe kusakaniza. Kenako kalata yofuna ndalama: ntchito yakuti, mtengo 900, zolipidwa 500, yotsala 400 ya ku America, osati ZiG ya kuno ku Zimbabwe, alipire pasanathe masiku 14. Sungani kope, ndipo wopereka kalatayo akhale munthu woti angadzachitire umboni. Akapanda kulipira, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti mukafunse za khoti la ngongole zing'onozing'ono.

Mmisiri wa ku Glen View: Nanga 100 akundiitanirayo ndikatenge?

Mayi a Tadala: Samalani pamenepo. Akanena kuti "iyi ndi yomaliza, tathana" inu n'kulandira, adzati munavomera kuthetsa nkhani. Alembereni kaye kuti mukuilandira ngati gawo la 400, kutsala 300. Akakana, isiyeni.

Jimu wa Kombi: Ine ndikuti tengani, khoti lidya masiku anu a ntchito oposa 300 yo.

Mmisiri wa ku Glen View: Ndamuimbira mnyamata uja. Akuti anamva bwino "naini handiredi", koma akuopa kukaima kukhoti chifukwa bambowo amapemphera mpingo umodzi ndi mayi ake. Kalata ndilemba usiku uno. Mayi a Tadala, ndingakutumizireni kumbali muione ndisanapereke?