Funso pa batani lobweza imelo mu Gmail

Abale, ndithandizeni nzeru. Pa kompyuta ndinapita ku Settings, pa Undo Send, n'kukweza nthawi kuchoka pa masekondi 5 kufika pa 30, omwe ndi malire. Ndikudziwa kuti batanili silikokanso imelo yomwe yafika kwa mwini wake. Gmail imangoigwira kaye mpaka nthawiyo ithe.

Chikundivuta ndi pa foni ya Android. Kodi masekondi 30 aja amagwiranso ntchito kumeneko, kapena pulogalamu ya pafoni ili ndi nthawi yakeyake? Ndinayatsanso Confirm before sending, koma imafunsa pa imelo iliyonse, moti chala chazolowera kungodina osawerenga. Ilipo njira yoti izindifunsa pokhapokha ndikadina Reply all?