Makhadi akuti amandikondabe, kapena ndikungodzinamiza?

Wabisa dzina: Abale ndithandizeni, koma chonde musanditukwane. Ndili ku Joni, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Abwana anga akale posamuka anandisiyira makhadi oombezera otchedwa taroti ndi kabuku kake, ndalama zanga za tchuthi osandipatsa, koma imeneyo ndi nkhani ina. Pali mwamuna amene ndakhala naye pachibwenzi zaka zitatu. Foni ndinamugulira ndine, mlongo wake ali ndi R800 yanga mpaka lero, akandiona amakhota njira. Dzulo usiku ndinafunsa makhadi kuti mwamunayu amandiganizira bwanji. Panatuluka la makapu awiri, lija mwamuna ndi mkazi akupatsana makapu. Ndinachita kulira. Koma mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akuti ndikungowerenga mtima wanga. Iyeyonso ndi wansanje, sopo amatha wanga. Ndingadziwe bwanji chilungamo chake?

Mkulu wa Mpingo: Mwana wanga, tentha zimenezo LERO. Deuteronomo 18:10-12. Munapita ku Joni kukasaka ndalama kapena ziwanda?

Kabaza Wachangu: Achemwali, afunseni makhadiwo kuti R800 ibwera liti 😂

Anakubala a ku Kepi: Ine makhadiwa ndasewera nawo kwa zaka. Achemwali, munatola kangati? Ndipo pambali pa makapu awiriwo panali ati?

Wabisa dzina: Ndimatola atatu nthawi imodzi. Mwina maulendo 9 sabata ino. Ena sankamveka bwino ndiye ndinkasakanizanso. Dzulo panalinso la munthu wagwira ndodo, watembenuka akupita kumapiri, makapu 8 wawasiya kumbuyo. Limenelo ndinaona kuti ndi ntchito yamuchulukira.

Anakubala a ku Kepi: Eya, nkhani ili pamenepo. Maulendo 8 "sankamveka", wa 9 wamveka chifukwa wanena zimene munkadikira. Komanso taonani: khadi lokoma mwalilandira momwe lilili, lowawa mwalipezera loya. Mukabuku kanu komweko, la makapu 8 limanena za munthu amene wasiya chinthu chimene kale ankachikonda. Chikhala mnzanu wa sopoyo ndiye watola makhadi amenewa, mukanamuuza kuti chibwenzi chake chatanganidwa ndi ntchito?

Mkulu wa Mpingo: Mayi, mukuphunzitsa mwana kuombeza pagulu? Manyazi mulibe?

Anakubala a ku Kepi: Abambo, ndikumuphunzitsa kuti asadzinamize. Werenganinso.

Sir wa Masamu: Makhadiwo alipo 78. Tinene kuti asanu mwa iwo ndi oti munthu akawaona amati "chikondi". Anthu 10 aliyense atatola atatuatatu maulendo 9, pafupifupi 8 apezapo limodzi mwa asanuwo, kaya akukondedwa kaya anasiyidwa kalekale. Ndiye kutuluka kwa khadilo sikunena kanthu za mwamunayo.

Nachisale: Ine zinandionekera kwa asing'anga ena kumudzi. Ankangoti "pali mkazi wina wofiirira", ine n'kumatchula ndekha mayina. Nkhuku ziwiri zinapita, mwamuna osabwera. Amuna onse ndi agalu basi.

Kabaza Wachangu: Ife talakwanji amayi?

Sir wa Masamu: A Nachisale, zimenezo zinayesedwapo. Mu 1948 mphunzitsi wina wa ku Amereka, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake pepala lofotokoza khalidwe la aliyense. Ambiri anati lawalondola ndithu. Chonsecho onse anawapatsa mawu amodzimodzi. Mawu akakhala otambalala, munthu amadzazamo yekha zake.

Mtsikana wa Zomba: Khadi likatuluka chadodolido ndiye kuti likunama, ndinamva choncho.

Anakubala a ku Kepi: Ayi, ena amangoliwerenga mofooka kapena motembenuza, ena salabadira n'komwe. Koma ndi khomo linanso lothawirapo: lowawa likatembenuka timati "latha mphamvu", lokoma likatembenuka timati "langochedwa". Achemwali, ngati mutolenso, lembani funso papepala musanagwire makhadi, mulembenso makhadi atatu amene akatuluka muvomereza kuti yankho ndi ayi. Tolani kamodzi, osawonjezera lina loti "lifotokozere". Mukalephera kutchula ngakhale limodzi lotanthauza ayi, ndiye kuti yankho munali nalo kale. Ine ndimakhulupirira kuti makhadi amaonetsa za mumtima mwa wotolayo. Za mumtima mwa munthu amene palibepo, sindimalonjeza.

Sir wa Masamu: Ngakhale za wotolayo ndikukayika, koma tisakangane.

Mkulu wa Mpingo: Nonsenu mukufunika kusala kudya. Sabata yamawa tili ndi mapemphero a usiku wonse.

Nachisale: Koma dikirani. Mwiniwakeyo akuti chiyani? Munamufunsa?

Wabisa dzina: Sitinalankhulane kuyambira Febuluwale. Mauthenga amangoonetsa tiki imodzi, chithunzi chakenso sichikuoneka. Mwina foni inabedwa.

Kabaza Wachangu: Foni yomwe munagula ija? Imbani pa nambala ya mnzanu wa sopo tione ngati siilira.

Wabisa dzina: Ndilibe mayunitsi panopa. Koma ndatolanso, patuluka la dzuwa. Anakubala, limeneli ndi labwino eti?